Chingwe cha Mkamwini

Mvula inayamba dzulo lake ndipo sinkaoneka ngati ili ndi kwina kopita. Inali ya mphepo, yolowa cham'mbali, moti ambulera ankangoteteza chipewa chokha. Mtengo unagwera pa nthambo za magetsi, ndipo mbali yonse ya tauni inathima, kuphatikizapo khoti.

Apenta anafika m'mawa ndi mwana wawo wamkazi. Anthu ankawatchula choncho chifukwa moyo wawo wonse anali wopaka penti nyumba za anthu. Mwanayo malemu mayi ake ankamutchula kuti Katsabola, chifukwa ali wamng'ono sankalola kuti mawu omaliza akhale a munthu wina. Dzinalo linatsala, koma ukali unathera ku banja. Anabwerera kwa bambo ake ndi chikwama chimodzi, mwana wa sukulu ya mkaka, ndi chizolowezi chodzidzimuka chitseko chikamenyetseka.

Anakhala pa benchi ya m'khonde lalitali. Khoma la khondelo analipaka penti yonyezimira pamwamba pa chinyezi, ndipo inali itatupa matuza. Apenta analiyang'ana kamodzi, n'kutembenukira kwina.

Nkhani yake inali yachidule. Katsabola ankapempha woweruza kuti aletse mwamuna wake kumuyandikira, komanso kuti asakatenge mwana kusukulu. Mboni analibe. Zilonda zinali zitapola. Chomwe anali nacho ndi mauthenga a mawu amene mwamunayo ankamutumizira akakwiya, ndipo kalaliki anali atamuuza kale kuti woweruza amafuna kuwamva kuchokera pa foni imene anafikira, nambala ya wotumiza ikuoneka. Akapanda kumveka lero, mlandu ukanakankhidwira mwezi wamawa. Mwezi wonsewo palibe mphunzitsi amene akanakaniza bambo kutenga mwana wake pageti.

Katsabola anayatsa foni, n'kuithimitsa msanga.

"Yatsala 13," anatero.

"Usayatsenso."

"Ndimangoona, bambo."

"Kuona kumadya."

Foniyo inali itagwira ntchito ya nyali dzulo madzulo, mwana akukana kudya mumdima. Anabweretsa tchaja, koma soketi ya pakhoma inali ngati chithunzi chabe. Mesenjala wa khoti, bambo wa kamimba amene ankayenda uku ndi uku ndi mafayilo, anawauza kuti jenereta ilipo, chimene kulibe ndi mafuta. Ananena ngati munthu wonyadira.

Pa benchi yomweyo panali mayi wina wonenepa, wa nduwira yofiira, amene anabwera pa mlandu wa mpanda ndi mnansi wake. Anali ndi kabatire konyamula m'chikwama, koma kanali kataphwa.

"Ana anga anakamwa konse usiku," anatero. "Ndikanakuthandizani, mwanangu."

Mkamwini anafika mochedwerapo, ndipo anamveka asanaoneke. Kumsika, kumene ankagulitsa zotchingira mafoni ndi zingwe, ankamutchula kuti Wailesi. Analowa atavala jekete yoyera pa tsiku la matope, m'makutu muli timahedifoni tosakhala ndi chingwe. Anapereka moni kwa mesenjala ngati anaphunzira limodzi. Anapereka moni kwa mayi wa nduwira. Kenako anafika patsogolo pa Apenta, n'kupinda bondo pang'ono, manja onse awiri patsogolo, kuti khonde lonse lione.

"Apongozi! Mwadzuka bwanji? Mvula imeneyi, ndinakuganizirani. Ndinati bambo anga aja ali ndi nyamakazi."

Apenta anayang'ana manjawo mpaka mwiniwake anawabweza.

"Mayi a mwana, mwadzuka?" anatero Wailesi kwa mkazi wake. "Mwaonda. Kodi akukudyetsani bwino kumeneko?"

Katsabola anayang'ana pansi.

"Ndi amuna anu amenewa?" mayi wa nduwira ananong'ona, koma monong'ona mwa anthu ozolowera kuitana ana kutali. "Aulemu chonchi?"

"Zam'banja, mayi," anayankha Wailesi, akukhala pa benchi ya moyang'anana nawo. "Mbale zikakhala m'dengu limodzi sizilephera kugundana. Ine ndabwera kudzatenga banja langa, si kudzakangana ayi."

Anavula timahedifoni tija, n'kutiika m'kabokosi kake. Kenako anatulutsa m'thumba kachingwe kafupi, kakuda, kolukidwa bwino. Mbali zonse ziwiri zinali zofanana, timitu tating'ono tozungulira m'mbali. Mutu umodzi anaulowetsa pa foni yake, wina pa kabokosi. Kanyali ka pa kabokosiko kanayaka.

"Aa! Foni ikutchaja zinthu?" anafunsa mayi uja.

"Iyi ndi foni, mayi, si zinazi. Pomwe imalandirira moto m'pomwenso imaperekera. Timahedifoni timeneti ndi ana akhanda, timayamwa pang'ono, foni siimva n'komwe. Magetsi athime sabata yonse, ine nyimbo sizindithera."

Analankhula za foniyo kwa nthawi yaitali. Ananena za batire lake, za kamera yake, za mnzake amene anamubweretsera. Apenta anali atamva zonsezi pa tebulo lawo lomwe, zaka zapitazo, chakudya chikuzizira. Munthuyu akanatha kugulitsa chipeso kwa wadazi.

Mesenjala anaitana mlandu woyamba. Anthu awiri analowa, chitseko chinatsekedwa. Katsabola anaiwala, n'kuyatsanso foni. Wailesi anali ndi maso a wamalonda.

"Mayi a mwana, yafiira imeneyo. Yatsala zingati?"

Katsabola anaithimitsa msanga.

"Taonani, anthu inu," anatero, akuimirira. "Mkazi wanga wandibweretsa kukhoti. Foni yake ikufa. Munthu wina akanaseka. Koma ine ndinaleredwa. Bweretsani, ndikugawireni moto."

"Ayi, zikomo," anatero Katsabola.

"Mukuopa chiyani? Ili ndi loko, ine nambala yake sindiidziwa, munasintha. Sindiitsegula. Ikhala pompano, pamaso pa bambo anu. Ine ndilibe chobisa. Woweruza amve zonse, ndiye tione ngati muli mawu oipa."

"Landirani, mwanangu," anatero mayi wa nduwira. "Moto sakana. Ngakhale kwa mdani timakapala."

Anthu ena a m'khondemo anavomereza ndi mitu. Wailesi anatambasula dzanja. Sanalande. Anangotambasula, n'kudikira, monga ankachitira kunyumba, ndipo dzanja la Katsabola linapereka lokha foniyo mwiniwake asanaganize.

Wailesi anazula chingwe pa kabokosi, n'kuchilowetsa pa foni ya mkazi wake. Panamveka kaphokoso kakang'ono, kokwera kumapeto ngati funso.

"Sichinalowe bwino," anatero.

Anazula, anauzira pa kabowo, n'kulowetsanso. Kaphokoso komweko.

"Fumbi. Simuisamala foniyi, mayi."

Anazulanso. Ulendo uno anayamba wazula mbali zonse, n'kulowetsa mwamsanga atatembenuzira mafoni onse kwa iye. Panamveka phokoso lina, lalifupi, lonenepa, ngati dontho logwera m'ndowa.

"Eyaa. Tsopano zatheka."

Anagoneka mafoni awiriwo chafufumimba pa benchi, pakati pa Katsabola ndi bambo ake.

"Musawatembenuze. Galasi likayaka limadya moto womwe ukulowawo. Asiyeni apume."

Zimenezo zokha zinali zoona, ndipo Apenta ankadziwa kuti n'zoona. Ndi mmene ankanamira munthuyu: bodza lake ankalipaka ngati penti, pakati pa makoti awiri a choonadi.

Wailesi anabwerera pa benchi yake, anabwezera timahedifoni m'makutu, n'kuyamba kugwedeza phazi.

Apenta anayang'ana mafoni awiriwo. Za mafoni sankazidziwa. Yawo anawagulira Katsabola yemweyo chaka chimene mayi ake anamwalira, kuti aziwapeza, ndipo inkangokhala m'thumba la malaya ngati chiphaso. Munthu wamasiye saimbiridwa kawirikawiri. Ankaitchaja kamodzi, n'kuiwala masiku angapo.

Koma makutu anali nawo. Chibwerereni, Katsabola ankatchaja foni yake pa soketi ya pafupi ndi mpando wawo, madzulo aliwonse, ndipo madzulo aliwonse foniyo inkalira kaphokoso kokwera ngati funso. Kaphokosoko anakamva kawiri m'khonde muno, ndipo kawiri konse mkamwini anazula chingwe. Phokoso lachitatu silinali la m'nyumba mwawo.

Analingalira. Mwina mafoni amalira mosiyana akagawana. Mwina ndi ukalamba. Komanso anali atalumbira mumtima kuti sadzalankhulanso ndi munthuyu, kapena kukhudza kanthu kake, ndipo Apenta sankabweza zimene alumbira ngakhale pamene palibe anamva. Anayang'ana matuza a pakhoma. Anayang'ana mvula. Anayang'ana phazi la mkamwini likugwedezeka ngati la munthu amene wagulitsa katundu wowola ndipo kasitomala wakwera kale basi.

Anatambasula dzanja, n'kutembenuza mafoni onse awiri.

"Apongozi, musa..."

Foni ya Katsabola inayaka. Inali pa 6. Pa kabatire kake panalibe chizindikiro cha mphezi. Mphezi inali pa foni ya Wailesi, yowala bwino, pambali pa nambala yonenepa imene sinkasowa thandizo la munthu.

Apenta anazula chingwe ku foni ya mkamwini. Foniyo anaikankha ndi chala chimodzi mpaka kumapeto kwa benchi.

"Yatsika," anatero Katsabola. Mawu ake anali ouma. "Bambo, inali 13."

Mayi wa nduwira anasendera, anayang'ana foni iyi, n'kuyang'ana inayo.

"Iii! Ndiye amene amayamwa ndi ndani apa?"

"Ndi mmene zimakhalira nthawi zina," anatero Wailesi, atafika kale. "Mafoni awiri akakumana amasankhana okha wopereka ndi wolandira. Zonse ziwiri zimatha kupereka. Ine ndingadziwe bwanji? Ndi makina amenewa."

"Kawiri anasankha bwino," anatero Apenta.

Anali mawu awo oyamba kwa mkamwini chichokereni mwana wawo ku banja. Sanawayang'anitse kwa iye. Anawanenera khoma.

"Munazula kawiri ndithu," anatero mayi uja pang'onopang'ono. "Ndinaona ndi maso angawa. Fumbi! Inu bambo inu, ng'ombe yonenepa kuyamwa mwana wa mbuzi?"

Wina anaseka kumapeto kwa khonde. Wailesi anasekanso, mokweza kuposa onse.

"Chabwino, chabwino, ndalakwitsa. Bweretsani chingwe ndikonze. Pali pomwe timadina, moto n'kutembenuka."

"Ndiye mumapadziwa," anatero mayi uja.

Apenta anali atatulutsa kale foni yawo. Anaitembenuza, anayang'ana kabowo ka pansi, n'kuyang'ana mutu wa chingwe. Zinali zofanana. Kunyumba anali ndi zingwe ziwiri, koma zonse zinali za mutu waukulu mbali imodzi, zolowa m'tchaja ya pakhoma. Chingwe cha mitu iwiri yofanana anali asanachigwirepo.

"Iyi ingapereke?" anafunsa mwana wawo.

"Sindikudziwa, bambo. Si onse amapereka. Tiyese."

Foni yawo inali pa 46. Analowetsa. Inanjenjemera m'dzanja lawo, ndipo mphezi inatulukira pa yawo.

"Ikuba nayonso," anatero Apenta.

"Dikirani."

Katsabola anawalanda foni. Anakokera chala pansi kuchokera pamwamba pa galasi, anapeza uthenga wonena za chingwe, anaudina. Munali mizere ingapo. Anawerenga milomo ikuyenda, n'kudina pomwe pankanena zotchaja chipangizo cholumikizidwacho. Panadutsa kamphindi. Kenako foni yake inalira kaphokoso kokwera ngati funso.

Inali pa 5.

Anazigoneka zonse chafufumimba. Apenta anaika chikhato chawo pamwamba pa chingwe, chikhato chokhala ndi penti yoyera m'ming'alu imene sopo analephera kalekale.

"Chingwe changa, apongozi," anatero Wailesi.

Mvula inkamenya malata.

"Bambo, ndi katundu wanga ameneyo. Ndi wa pa shopu."

Apenta anayang'ana khoma.

"Akuluakulu, mukuona? Akundilanda katundu m'khoti momwe. Mesenjala! Bwana mesenjala!"

Mesenjala anabwera ndi mafayilo ake, atakwiya kale chifukwa choitanidwa.

"Phokoso la chiyani? Muno si mumsika."

"Madalawa akukaniza chingwe changa."

"Anabwereketsa yekha," anatero mayi wa nduwira. "Anaimirira pakati apa, n'kutiuza kuti analeredwa. Tonse tinamva. Anati alibe chobisa, woweruza amve zonse. Si choncho, anthuni?"

"Anatero," anayankha mkulu wina wa ndodo.

Mesenjala anayang'ana chingwe, kachingwe kosakwana mkono, n'kuyang'ana jekete yoyera.

"Mukufuna nditsegule fayilo ya chimenechi? Khalani pansi, bambo."

Wailesi anakhala. Koma pakamwa pake panalibe pothimitsira.

"Zilibe kanthu. Mukutunga madzi ndi dengu. Mukuganiza kuti zimene zikuchoka uko zikufika zonse uku? Foni yanu iyambe yakweza mphamvu kuti idutse m'chingwe, inayo iitsitsenso kuti ilowe m'batire. Uku kutentha, uko kutentha. Gwirani muone. Moto wanu ukuthera kuotcha benchi. Mumaliza muli ndi mitembo iwiri."

Apenta anagwira. Mafoni onse anali ofunda, yawo kwambiri. Atadikira, anatembenuza yawo mwachangu, kenako ya mwana wawo. Yawo inali itatsika ndi zitatu. Inayo inali itakwera ndi ziwiri.

Sizinawadabwitse. Sanathirepo penti kuchoka m'chitini kupita m'china n'kufika yonse. Ina imatsalira m'mbali, ina pa mlomo wa chitini, ina pa nsapato. Munthu amene safuna kutaya dontho sapaka nyumba.

"Ndipo ikafika pansi idzasiya yokha," anapitiriza Wailesi. "Mafoni ambiri amatero, amadzisungira. Sapereka mpaka kufa. Foni ili ndi nzeru kuposa anthu ena."

"Kuposa ena ndithu," anatero mayi wa nduwira.

"Bambo," ananong'ona Katsabola, "afolomani a ntchito ya penti aja amati akuimbirani mvula ikasiya. Yanu ikathima?"

"Siinasiye."

"Koma ikasiya?"

"Khoma lonyowa salipaka."

Mlandu wachiwiri unalowa, n'kutuluka. Wachitatu unali wa mayi wa nduwira. Anaimirira, anakonza nduwira yake, n'kuloza Wailesi ndi chibwano.

"Chikomekome cha nkhuyu," anatero kwa Katsabola. Sanamalize. Panalibe wosadziwa zimene zimakhala m'kati.

Atachoka mayiyo, Wailesi anasintha siteshoni. Anasendera kutsogolo, zigongono pa mawondo, mawu atatsika.

"Mayi a mwana. Tamverani. Zimene zili m'menemo ndinalankhula nditamwa. Mukufuna anthu achilendo amve zimenezo? Mwana wathu adzakula, adzamva kuti mayi ake anaimika bambo ake pamaso pa anthu. Zulani chingwecho, tipite kunyumba. Ndagula makatani aja munkawafuna."

Katsabola sanadzutse mutu. Koma Apenta anaona dzanja lake likuyenda pa benchi, pang'onopang'ono, kulowera ku mafoni. Linafika pa chikhato chawo. Iwo sanalikankhe. Anangosiya chikhato pomwe chinali. Dzanjalo linakhala pamwamba pa lawo kanthawi, lozizira, kenako linagwira chala chawo chachikulu monga linkachitira kale powoloka msewu.

"Makatani a mtundu wanji?" anafunsa Katsabola.

Wailesi anatsegula pakamwa.

"Obiriwira," anatero.

"Ndinkafuna achikasu. Zaka zonsezi ndinkanena achikasu." Anadzutsa mutu. "Wailesi siimva, imangolankhula."

Mkulu wa ndodo anatsokomola chifuwa chimene sichinali chifuwa. Apenta sanaseke. Anangomva kuti mwana wawo walankhula ngati mwana wa mayi ake.

Pamene mesenjala anaitana mayina awo, foni ya Katsabola inali pa 17, ya Apenta pa 27. Katsabola anafuna kuzula.

"Usazule. Tenga zonse."

"Olowa ndi eni mlandu okha," anatero mesenjala. "Madala, inu mudikira kuno."

Apenta ananyamula mafoni awiriwo, imodzi pamwamba pa inzake, chingwe chikulendewera ngati chogwirira ndowa, n'kuwaika m'manja mwa mwana wawo. Foni yawo inali isanachokepo pamaso pawo chiilandirireni. Pa chifuwa panapepuka moipa.

Wailesi anavula timahedifoni, anakonza kolala, n'kulowa patsogolo, akupereka moni kwa woweruza chitseko chisanatsekeke.

Chitsekocho chinali chopyapyala, ndipo pamwamba pake panali kawindo kopanda galasi. Poyamba kunkamveka mawu a Wailesi okha, osalala, okwera ndi kutsika. Ankanena za chikondi. Ankanena za apongozi amene amalowerera m'banja la ana. Ananena nthawi yaitali, moti Apenta anayamba kuwerengera mumtima moto umene ukutsika m'chipindamo, zitatu uku, ziwiri uko, ndiponso kuti foni yawo ikafika poti yadzisungira, isiya osauza munthu. Mawu a mayi woweruza anadula.

Kenako kunamveka Wailesi wina.

Anali mawu omwewo, koma opanda jekete. Ankatuluka pa kasipika ka foni, okwezedwa mpaka kumapeto, okanda ngati pepala lopalira penti pa chitsulo. Iwe, ankatero mawuwo. Iwe galu iwe. Ukuganiza kuti kankhalamba kako ka penti kangakubise? Mwanayo ndikamutenga pageti ndekha, sudzamuonanso. Ukadzandiona panjira uthawe.

M'khonde munalibe wotsokomola. Mayi wa nduwira, amene mlandu wake unali utatha ndipo akanatha kupita, anali ataima pakhomo ndi ambulera wosatsegula. Uthenga unatha, wina unayamba. Unatha, winanso. Unali wambiri. Apenta anali asanaumvepo ngakhale umodzi, chifukwa mwana wawo sanafune, ndipo iwo sanafunse. Anamvera wonse, manja pa mawondo, maso pa matuza a penti. Pakati pa uthenga wina mawu amoyo a Wailesi anayesa kulowererapo, koma woweruza anawathimitsa ndi liwu limodzi.

"Kankhalamba ka penti ndinu?" anafunsa mkulu wa ndodo.

"Ndine."

"Pepani."

"Penti ndi yoona."

Chitseko chitatseguka, anayamba kutuluka ndi Katsabola. M'dzanja limodzi munali pepala lodindidwa, m'dzanja lina mafoni awiri aja.

"Apereka," anatero. "Asandiyandikire, asafike kusukulu. Akafika, apolisi. Akuti ndikapereke pepala lina kwa aphunzitsi aakulu lero lomwe."

Apenta anagwedeza mutu.

"Yanu inasiya kupereka tili pakati," anatero Katsabola. "Itafika pa 15 inangoleka. Ndinaona mphezi yazimiririka, mtima unangoti phwii. Koma yanga inali itakhuta kokwanira." Anaiyatsa. Inali pa 14. Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene watula mtolo ndipo khosi likadali lowawa. "Moto wanu wonse uja, bambo, yanga yangobwerera pomwe inali m'mawa."

"Yagwira ntchito."

Wailesi anatuluka pambuyo, mesenjala ali pambali pake. Jekete inali yoyerabe. Anayang'ana khonde, kufunafuna nkhope yoti aisekerere, koma nkhope zonse zinali zitapeza zochita. Anayamba kulunjika kwa mkazi wake.

"Uko ayi," anatero mesenjala. "Mwamva kale. Tulukirani khomo ilo."

"Ndikungofuna chingwe changa."

Apenta anazula chingwecho mbali zonse ziwiri. Anachikulunga bwinobwino pa zala ziwiri, monga ankakulungira chingwe cha makwerero akaweruka. Wailesi anatambasula dzanja, n'kudikira. Apenta anayenda mpaka kumapeto kwa benchi, anachiika pamenepo, n'kubwerera.

"Osathokoza n'komwe," anatero Wailesi. "Popanda chingwe changa mukanatani?"

"Zoona," anatero mayi wa nduwira ali pakhomo. "Munaleredwa, bambo. Tonse tamva."

Wailesi anatola chingwe chake, n'kutuluka pa mvula osatsegula ambulera. Timahedifoni anatiika m'makutu ali panja.

Katsabola anapinda pepala lija, n'kulilowetsa m'kati mwa bulauzi kuti lisanyowe. Apenta anagwira foni yawo. Inali ikadali yofunda. Anayang'ana nambala yotsalayo, imene sanaionepo pa foni yawo, ndipo anaona kuti afolomani sanaimbe.

"Tikafika kunyumba magetsi akakhala atayaka, muyambe ndinu kutchaja," anatero Katsabola.

"Tiona."

Anaika foni m'thumba la malaya, anatsegula ambulera, n'kupita ndi mwana wawo kusukulu kukatenga mdzukulu wawo.